Pepala la phindu la kampani yathu ya zitenje

"Anti, mumapikula zitenje ku Dar es Salaam zaka zonsezi. Akauntanti akakupatsani pepala la phindu la pachaka, mumaliwerenga bwanji? Ine ndimangoona manambala."

Mwanangu, yamba pamwamba uzitsika nawo ngati masitepe. Nditenge chaka china cha kampani yathu, manambala ndawadula nsonga kuti asakuzunguze.

Mzere woyamba ndi zonse zimene tagulitsa: K60 miliyoni. Usasekerere msanga, chifukwa m'menemo muli K8 miliyoni ya katundu amene anthu anatenga pangongole. Pepala limamuwerenga kuti wagulitsidwa ngakhale ndalamayo sinafike m'manja.

Wachiwiri ndi mtengo wa katundu amene wagulitsidwayo, ndipo ambiri amaphonya apa. Si ndalama yonse yomwe unapikulira ayi. Ife tinayamba chaka tili ndi zitenje za K5 miliyoni m'shopu. Zopikula ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, kuphatikiza thiransipoti ndi msonkho wa MRA pa boda ya Songwe, zinakwana K43 miliyoni. Pomwe chaka chimatha, za K6 miliyoni zinali zikadali pashelefu. Phatikiza 5 ndi 43, uchotse 6, upeza K42 miliyoni. Ukaichotsa pa 60 patsala K18 miliyoni, phindu loyamba: K30 pa K100 iliyonse. Nambala imeneyi ndimaiyerekeza ndi ya chaka chapita. Ikatsika mitengo tisanatsitse, ndiye kuti msonkho kapena shilingi yakwera, apo ayi zitenje zikutulukira kukhomo lakuseri.

Komanso mzerewu umanyenga. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tinagulitsa katundu wakale pamtengo watsopano, pepala n'kuonetsa phindu lonona. Nditabwerera ku Kariakoo, ndalama yomweyo sinadzazenso matumba amene ndinkadzaza kale.

Kenako pamabwera zoyendetsera shopu: lendi, malipiro a atsikana awiri, magetsi, mlonda, zonse K9 miliyoni. Pali kamzere kena ka K2 miliyoni kamene poyamba ndinakangana nako ndi akauntanti, poti sindinalipire munthu aliyense. Ndi kutha kwa galimoto: tinaigula K10 miliyoni, ndipo mtengowo amaugawa pa zaka zisanu. Apa patsala K7 miliyoni.

Banki inatenga K2 miliyoni ya chiwongoladzanja. Ngongole yeniyeniyo imene timabweza mwezi ndi mwezi siilembedwa papepalali. Pa K5 miliyoni yotsalayo, msonkho wa kampani wa 30 peresenti unadya pafupifupi K1.5 miliyoni.

Pansi penipeni panalembedwa K3.5 miliyoni. Koma kumbukira K8 miliyoni ya angongole ija. Januwale ameneyo ndalama ya ulendo wa ku Dar ndinachita kukabwereka kwa mlamu wanga.