Chithunzi chikuti muli bwino, koma msana ukuwawabe

"Msana wandivuta chaka ndi theka. Andijambula kawiri, andiyeza magazi, akuti palibe vuto. Kodi ululuwu ndikungouganizira?"

Mayi, kalata yanuyi ndaiwerenga katatu, chifukwa funso limeneli ndinadzifunsapo inenso. Langa linali phewa. Ndinagwa pa njinga, kutupa kunaphwa patatha milungu ingapo, koma ululu unakana kuchoka. Pofika mwezi wa 8, lamba wa chikwama akangokhudza khungu ndinkamva ngati wina wandiika khala lamoto. Dokotala anayang'ana chithunzi n'kunena kuti, "Bambo, phewa lili bwinobwino." Ndinatuluka mtima uli phuluphulu. Kunena zoona ndinkafuna andipeze ndi fupa losweka, kuti kunyumba asiye kundiyang'ana ngati waulesi.

Simukungoganizira ayi. Ekisileyi imaona mafupa. MRI imaona minofu ndi timatayala ta pakati pa mafupa a msana. Magazi, akayeza CRP kapena ESR, amasonyeza ngati m'thupi muli kutupa. Palibe chimodzi mwa izi chomwe chimayeza ululu weniweniwo. Ndipotu pa kafukufuku wa mu 1994, anthu 98 osamva kuwawa kulikonse anajambulidwa msana ndi MRI, ndipo oposa theka anapezeka ndi katayala kotundumuka. Ena chithunzi choipa ululu alibe, ife chithunzi choyera tikubuula. Ndiye aliyense wouza wodwala kuti "mulibe kanthu" atangoona chithunzi, ine ndimati walakwa, olo akhale ndi madigiri angati.

Chimene chimasintha n'chiyani?

Mitsempha. Minofu yovulala nthawi zambiri imapola mkati mwa miyezi itatu. Koma uthenga wa ululu ukamadutsa tsiku ndi tsiku, mitsempha ya mu fupa la msana ndi ubongo imazolowera kuukuza, ngati galu amene anaonapo wakuba kamodzi ndiye akuuwa ngakhale tsamba likagwa. Kukhudza wamba kumasanduka kuwawa, ululu umafalikira pomwe sipanavulale. Ganizirani munthu wodulidwa mwendo yemwe amamvabe chala chikuwawa: pamenepo mujambula chiyani? Kusagona ndi mantha zimakolezera. Ine ndinasiyiratu kukweza dzanja poopa kuliwononga, phewa n'kuuma, ululu n'kukula, tulo n'kuthawa.

Chinandithandiza ndi dokotala wa mafizo amene anandiyambitsa kukweza dzanja pang'onopang'ono, kasanu patsiku, kuonjezera mlungu uliwonse, osadikira kuti ululu uyambe watha. Zinatenga miyezi. Inunso funsani za zimenezo. Koma mukaona kuti mukuonda popanda chifukwa, thupi likutentha, mwendo ukufooka, pakati pa ntchafu pachita dzanzi kapena mkodzo sukugwirika, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale chithunzi chakale chinali choyera.