Kuchotsa tatu pa chithunzi khungu osaoneka ngati pulasitiki

"Ndili ndi chithunzi cha munthu wa tatu yakuda pamkono, chikupita m'lipoti la pachaka. Healing Brush ya mu Photoshop ikungosiya zothimbirira. Nditani?"

Healing Brush imatenga maonekedwe a khungu pomwe mwasankha, koma mtundu ndi kuwala imatengera malo ozungulira pomwe mukupakapo. Pafupi ndi inki ya tatuyo, imakokera kuda konseko mkati. Ndiye yambani ndi Clone Stamp, yomwe imakopera pomwe mwasankhapo momwe palili.

Tsegulani leya yatsopano yopanda kanthu, pa Sample muike Current & Below. Hardness ikhale cha m'ma 30%, Opacity 100%, chifukwa yotsika imafufuta timabowo ta khungu, mkono nkuoneka ngati pulasitiki. Gwirani Alt, dinani pa khungu lopanda inki la kuwala kofanana kuti pakhale potengera. Mkono ndi wobulungira, mbali ina yowala ina yamthunzi, choncho pakani motsata utali wake, osati mopingasa. Sinthani potengera pafupipafupi, apo ayi kadontho kamodzi kadzaoneka katatu pamzere.

Inki ikatheratu, m'pamene Healing Brush ilowe kusalaza molumikizira. M'mphepete mwa mkono ndi pamalaya musaifikitse, imakoka mtundu wa nsalu.

Onani pa zoom ya 100%, kenako muchepetse chithunzi: zigamba zimaonekera patali. Ndipo mwini mkonoyo avomereze kaye musanasindikize, ndi thupi lake.