Mafuta odzola akhalitsa pa shelefu, nditchipitse kapena ndidikire?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Lunzu, ndaidula pang'ono:

"Achimwene, ndili ndi kashopu ka zodzola ndi sopo. Ndinaoda mabotolo 48 a losheni pa K4,500 limodzi, ndikugulitsa K6,500. Patha miyezi 4 ndagulitsa 20 okha, otsalawo akungondiyang'ana ndipo atha mphamvu pakatha miyezi 4 ina. Amuna anga akuti ndisatsitse mtengo ndiluza. Ndingadziwe bwanji msanga kuti katundu sakuyenda, nanga ndimutulutse bwanji osapha mpamba?"

Zikomo mayi. Tengani kope ndi cholembera chifukwa nkhaniyi ndi ya masamu, osati ya mtima.

Choyamba K4,500 ija si mtengo weniweni wa botolo. Munakwera minibasi kupita ku Limbe ndi kubwerako, katoni inalipitsidwa, wonyamula munamupatsa yake, mwina potumiza ndalama pa foni anakudulaninso. Simunanene kuti zinakwana zingati ndiye ine ndiyika K300 pa botolo, inu muikepo yanu yeniyeni. Ndiye kuti botolo linafika mu shopu pa K4,800, ndipo oda yonse inakudyerani K230,400. Nambala imeneyi ilembeni pamwamba pa tsamba.

Tsopano liwiro. Mabotolo 20 pa miyezi 4 ndiye kuti akutuluka 5 pa mwezi. Mwatsala ndi 28, pa liwiro limenelo akufuna pafupifupi miyezi 6 kuti athe, koma inu muli ndi miyezi 4 basi. Mugulitsa 20, 8 aekisipaya ali m'manja mwanu. Apa ndi pomwe ndikusiyana nawo maganizo abambo akunyumbawo. Mukaumirira pa K6,500 mupeza K130,000 ndipo 8 aja mukataya. Mukagulitsa onse 28 pa K5,500 mupeza K154,000. Ngakhale mutagulitsa pa mtengo woodera wa K4,800, osapezapo kalikonse, zikubwera K134,400, zikuposabe za kuumirira zija. Ndipotu ndawerengera mwachifundo, chifukwa mwezi womaliza makasitomala ochenjera amatembenuza botolo nkuwerenga deti, akaona kuti yayandikira amalibweza pa shelefu. Akatha mphamvu musayesere kugulitsa kapena kufufuta deti, a Malawi Bureau of Standards akakupezani amalanda, komanso munthu khungu likamutuluka tiziphuphu mbiri ya shopu yanu yathera pompo.

Chomwe anthu ambiri sachiona nchakuti kuluza kuli pawiri. Pali kuluza pa botolo limodzi, pali kuluza pa oda yonse. Mabotolo 20 omwe mwagulitsa abweza kale K130,000 pa K230,400 ija, yatsala kunja ndi K100,400. Gawani ndi 28, ikubwera pafupifupi K3,600. Tanthauzo lake nlakuti ngakhale otsala onsewo atapita pa K3,600 limodzi, mpamba wa oda imeneyi wabwerera wonse, kungoti mwagwira ntchito yaulere ndipo lendi yalipiridwa ndi katundu wina. Ndiye muli ndi mizere iwiri. Pamwamba pa K4,800 mukupindula, pakati pa K4,800 ndi K3,600 mukudya phindu la mabotolo oyamba aja koma mpamba uli bwino, pansi pa K3,600 ndiye mwayamba kuluza zenizeni. Mizere imeneyi ndi chinsinsi chanu, kasitomala asaidziwe.

Koma musanathamangire kutsitsa, funsani kaye kuti chikukanikitsa nchani. Kodi losheniyo ili pomwe maso amafika kapena ili pansi kuseri kwa makatoni a sopo? Ikokereni pa kauntala pafupi ndi pomwe anthu amalipira, pukutani fumbi, lembani mtengo ndi zilembo zikuluzikulu, tsegulani botolo limodzi anthu azinunkhiza ndi kuyesa pa mkono. Kenako tumani mwana akafunse mtengo kwa anzanu a mzere womwewo, mwina iwo ali pa K6,000 inu simukudziwa. Zimenezi zipatseni masabata 2 osapitirira. Ngati anthu akulinyamula, kufunsa mtengo nkulisiya, vuto ndi mtengo ndipo kutsitsa kuthandiza. Ngati palibe ngakhale wolikhudza ndiye kuti mtundu umenewo anthu a dera lanu saufuna, K500 yochotsa singasinthe kanthu, pamafunika kuphatikiza ndi katundu wina kapena kumupititsa kwina.

Pa nkhani yophatikiza. Tiyerekeze muli ndi sopo wosambira yemwe mumaoda K1,500 nkugulitsa K2,000 ndipo amayenda tsiku ndi tsiku. Losheni ndi sopo pazokhapazokha ndi K8,500. Muzimange pamodzi ndi selotepi kapena mu kajumbo koonekera mkati, mulembe K7,500. Zonse ziwiri zinakudyerani K6,300 ndiye pa maso zikuoneka ngati mwapindula K1,200, koma musadzinamize, sopoyo akanagulidwa ndithu pa K2,000 popanda thandizo la losheni. Chotsani K2,000 yake, mupeza kuti losheni yapita pa K5,500, phindu lake ndi K700. Ndi kutsitsa komweko koma kobisika, ndipo ubwino wake ndi umenewo, mtengo wa K6,500 pa shelefu sunaonongeke, kasitomala akupita akumva kuti wapatsidwa banyira, ndipo mawa sabwera kudzakuuzani kuti paja dzulo munandigulitsa K5,500.

Zinthu zomanga pamodzi zikhale zoti munthu mmodzi amazigwiritsa ntchito nthawi imodzi, sopo ndi mafuta zimayendera limodzi, koma losheni ndi polishi wa nsapato ayi. Ndipo musamange katundu wogona ndi wogona mnzake, ameneyo ndi wodwala kubereka wodwala mnzake, onse safika kuchipatala. Sopo apitirize kupezeka payekhanso. Kuuza munthu kuti sindikugulitsani sopo pokhapokha mutengenso losheni ndi kukakamiza, anthu amadana nazo ndipo ndi nkhani zomwe zimakafika ku Competition and Fair Trading Commission.

Chenjerani ndi ija ya gulani awiri lachitatu ndi laulere, imakoma kulemba pa katoni koma werengani kaye. Mabotolo 3 pa K13,000 ndiye kuti limodzi lapita pa K4,333, pansi pa mzere woyamba uja. Si yoletsedwa, ikadali pamwamba pa K3,600, koma ndi mfuti ya kumapeto osati yoyambira. Komanso ndi anthu angati ku Lunzu omwe angatulutse K13,000 nthawi imodzi kugula mafuta odzola okha?

Ine ndikanakhala inu ndikanapanga chonchi. Mwezi woyamba mitolo ya K7,500 ija, ndikuyambitsa kumapeto kwa mwezi anthu atalandira, ndikuikanso pa sitetasi ya WhatsApp. Tinene kuti yatuluka 10, losheni yabweretsa K55,000. Mwezi wachiwiri otsala 18 ndikulemba poyera K5,000, osati kutsitsa K100 lero K100 sabata ya mawa, kutsitsa kwa pang'onopang'ono palibe amakuona ndipo omwe akuona amangodikira kuti mutsitsenso. Tinene apita 10 ena, K50,000. Mwaona? K105,000 yadutsa kale K100,400 ija, mpamba wabwera. Otsala 8 mutha kuwapereka onse pamodzi kwa mnzanu woyenda m'misika ya tsiku kapena wa saluni pa K4,000 limodzi, mutamuonetsa deti osabisa, K32,000 ina yalowa. Zonse K137,000, ndipo ndalamayo yabwera miyezi pafupifupi 2 msanga. Ikapita ku sopo wa phindu la K500 pa K1,500 uja imayamba kuzungulira, pomwe pa shelefu imangodya malo.

Zinthu ziwiri zomwe zimaononga dongosolo ngati limeneli. Katundu wotsitsidwa sapita pa ngongole, ngakhale kwa mlamu, chifukwa cholinga chonse ndi ndalama m'manja lero. Ndipo ngati muli ndi mtsikana kapena mnyamata wogulitsa, mitolo muzimanga nokha, muiwerenge, mtengo ulembedwe poonekera. Apo ayi ena amamasula mtolo, sopo kugulitsa K2,000, losheni K6,500, mu kope kulemba K7,500, K1,000 ya pamwamba yalowa m'thumba.

Tsopano za kudziwa msanga, kuti zisamakufikeni pakhosi chonchi. Katoni iliyonse ikafika lembanipo ndi maka deti yomwe yafika ndi kuchuluka kwake. Tsiku limodzi pa mwezi, lomwelomwelo mwezi uliwonse, werengani zomwe zatsala mtundu uliwonse, ndiye gawani zotsalazo ndi zomwe zatuluka mwezi umenewo. Yankho lake ndi miyezi yomwe katunduyo akhale nanu. Kwa kashopu ka zodzola ine ndimati ikadutsa miyezi 3 yambani kumuyang'anitsitsa, ikaposa miyezi yomwe yatsala kuti katunduyo athe mphamvu chitanipo kanthu sabata yomweyo. Inuyo mwezi woyamba weniweniwo munatsala ndi 43 mutagulitsa 5, masamu akanakuuzani kuti miyezi yoposa 8, mukanayamba kale kale. Osamadalira kukumbukira, mtima umakonda katundu yemwe tinamusankha tokha ndipo umatiuza kuti ayenda mwezi wa mawa.

Kungoti si katundu aliyense wochedwa yemwe ndi wakufa. Mafuta olemera ngati vaselini ndi gilisalini amadzuka mu Juni ndi Julayi khungu likayamba kutuwa, makope amayenda sukulu zikamatsegulira mu Sepitembala, maambulela amadikira mvula. Katundu wotere ngati saola ndipo nyengo yake yayandikira, musungeni. Komanso musanalembe mtengo watsopano imbani kaye ku holoselo mumve kuti pano akuoda bwanji. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, omwe anatchipitsa katundu wosaola potengera risiti yakale anapita kokaoda ndalama osakwana kugula ngakhale zomwe anagulitsazo. Ndiye pa mapoto, zipeso kapena mabeseni kudikira nthawi zina kumalipira. Pa losheni ya miyezi 4 ayi, deti sidikira kwacha.

Ulendo wotsatira mtundu womwe simunagulitsepo muzitenga 6 kapena 12 kaye, olo akunyengerereni kuti pa katoni yathunthu akuchotserani K200 pa botolo. Ndipo abambowo musakangane nawo pakamwa, aonetseni tsamba lili ndi K130,000 mbali iyi ndi K154,000 mbali inayo, asankhe okha.