Kuchokera ku Nkula mpaka pa babu lanu: magetsi amafookera pati?

"Ndimakhala ku Kawale ku Lilongwe, nyumba yomaliza pa mzere wathu. Dzuwa likangolowa mababu amafiira ndipo furiji imangong'ung'udza, pomwe anzathu tsidya la msewu kuli ngwee. Kodi si magetsi omwewo ochokera ku Nkula? Amayenda bwanji kuti afike kuno, nanga athuwa amathera kuti?"

Zikomo mayi. Ndi magetsi omwewo ndithu, ndipo ndikhulupirira kuti anuwo sakutayikira pa mtunda wautali wochokera ku Shire, koma pa mamita mazana angapo omaliza. Kuti zimveke, tiyeni tiyende nawo ulendo wonsewo.

Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Chiyambire 2017 opanga ndi a EGENCO, ndipo a ESCOM ndi amene amawanyamula n'kuwagawa. Madzi amatsika mwamphamvu m'mapaipi akuluakulu n'kukankha chigudumu cha mapiko, chigudumucho chimazunguza maginito pakati pa mawaya okulungidwa, ndipo m'mawayamo mumabadwa magetsi. Magetsiwa sayenda cholunjika mbali imodzi ngati a m'batire. Amapita n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi, ndipo amatuluka pa mawaya atatu amene amisiri amati mafezi. Mafeziwa muwasunge, tikumana nawonso pa polo ya kwanu.

Pali miyeso iwiri yofunika. Mavoliti ndi mphamvu yokankha, ngati mmene madzi amakankhira m'paipi. Maampu ndi kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa. Mukachulukitsa mavoliti ndi maampu mumapeza mawati, ndiwo ntchito imene magetsiwo angagwire. Choncho ntchito imodzimodzi mutha kuitumiza ndi mavoliti ochepa ndi maampu ambiri, kapena mavoliti ambiri ndi maampu ochepa.

Waya ndiye amasankha pa ziwirizi. Waya aliyense amakanako pang'ono kudutsitsa magetsi, ndipo kukanako kumasanduka kutentha, komwe ndi magetsi otayika. Chimene chimatenthetsa waya ndi maampu, ndipo amatero mopanda chifundo: maampu akawirikiza kawiri, zotayika zimawirikiza kanayi, akawirikiza katatu, kasanu n'kanayi. Tengani Nkula B, imene imapanga mamegawati 100, ndiwo mawati 100 miliyoni. Titati tiwatumize pa mavoliti 230 a m'nyumba, pangafunike maampu oposa 430,000, ndipo palibe waya amene angapirire. Pa mavoliti 132,000, pa mawaya atatu, aliyense amanyamula maampu pafupifupi 440. Pa mavoliti 400,000 amatsika kufika pafupifupi 145. N'chifukwa chake nthambo ya 400,000 yochokera ku Phombeya m'boma la Balaka kukafika ku Nkhoma, ya makilomita pafupifupi 173, imene inatha mu 2018, inali nkhani yaikulu kwa anthu a ku Lilongwe. Kukweza mavoliti katatu kumachepetsa zotayika kasanu n'kanayi pa waya yemweyo.

Chokweza ndi chotsitsa mavolitiwa ndi thiransifoma. M'kati mwake mulibe chozungulira. Muli chitsulo chopangidwa ndi mapepala achitsulo osanjikiza, ndipo pa chitsulocho pakulungidwa mawaya awiri osakhudzana. Magetsi akamapita n'kubwerera mu waya woyamba amapanga mphamvu ya maginito yosinthasintha m'chitsulomo, ndipo mphamvuyo imadzutsa magetsi mu waya wachiwiri. Mavoliti amatsata kuchuluka kwa mikulungo: mbali ya mikulungo yambiri ndiyo ya mavoliti ambiri. Zonsezi zimamizidwa m'mafuta, amene amaziziritsa mawaya komanso kuletsa magetsi kulumpha.

Ndiye ulendo umakhala wotere. Jenereta imatulutsa mavoliti masauzande angapo, ndipo thiransifoma ya pa siteshoni pomwepo imawakweza kufika 66,000 kapena 132,000 kuti akwere pa nsanja zazitali zija. Pofika m'tauni, ku masabusiteshoni okhala ndi mpanda, amatsitsidwa kufika 33,000 ndi 11,000. Mawaya atatu amene mumawaona pamwamba pa mapolo m'mbali mwa msewu, opanda wachinayi, nthawi zambiri ndi a 11,000 kapena 33,000. Amenewo ndi amene amalowa m'thiransifoma ya m'dera lanu, yopachikidwa pakati pa mapolo awiri, imene mikulungo yake ili pafupifupi 48 mbali yolowera pa umodzi uliwonse wa mbali yotulukira ngati ili ya 11,000.

Apa ndi pamene pali nkhani yanu. M'thiransifomamo mumalowa mawaya atatu koma mumatuluka anayi: mafezi atatu ndi nyutulo, waya wobwererapo magetsi amene amalumikizidwa ku nthaka. Pakati pa fezi ndi fezi pali mavoliti 400, ndiwo amene chigayo chimatenga. Pakati pa fezi imodzi ndi nyutulo pali 230, ndiwo a nyumba wamba. Nyumba yanu inakoweka pa fezi imodzi yokha. Anzanu a kutsidya angakhale pa fezi ina, mwinanso pa thiransifoma ina, ndiye musadabwe kuti kwawo kukuwala.

Tiwerenge. Tinene kuti nyumba yanu ili mamita 500 kuchokera pa thiransifoma, ndipo waya wa pa mapolo ndi wa aluminiyamu wochindikala 50 mm². Kukana kwa waya kumayezedwa m'maomu, ndipo waya wotere amakana magetsi ndi maomu pafupifupi 0.6 pa kilomita. Magetsi amayenda mamita 500 popita pa fezi ndi enanso 500 pobwerera pa nyutulo, ndiye kilomita yakwana. Mavoliti otayika pa njira timawapeza pochulukitsa maampu ndi maomu. Masana, nyumba za kumapeto kwanuko zikamakoka maampu 10 zonse pamodzi, pamatayika mavoliti 6 okha, ndipo inu mumalandira 224 osazindikira kanthu. Madzulo mabanja asanu ndi awiri ateleke nsima pa mbaula za magetsi za mawati 2,000. Iliyonse imakoka maampu pafupifupi 9, zonse pamodzi n'kupitirira 60. Chulukitsani 60 ndi 0.6, mupeza 36. Kwa inu kukufika mavoliti 194. Babu lafiira, pomwe wa nyumba yoyandikana ndi thiransifoma, pa fezi yomweyo, akulandirabe pafupifupi 230.

Chiwerengerochi n'cha pamene fezi yanu yalemedwa yokha. Mafezi atatu akanyamula katundu wofanana, magetsi obwerera amafafanizana pa nyutulo, ndipo zotayikazo zimatsika pafupifupi ndi theka. N'chifukwa chake mankhwala oyamba, otchipa kwambiri, ndi kusamutsira nyumba zina ku fezi yopepukidwa. Mmisiri amayeza maampu a fezi iliyonse nthawi ya madzulo, n'kusintha makowekedwe pa polo. Kuyeza masana n'kutaya nthawi, chifukwa nthendayo imakhala itabisala.

Thiransifoma nayonso ili ndi polekezera. Yolembedwa 100 kVA imapereka maampu pafupifupi 144 pa fezi iliyonse, zomwe ndi mbaula 16 zoyaka nthawi imodzi, osawerengera magiza ndi masimbi. Dera likamakula, nyumba za lendi n'kumangidwa kuseri kwa nyumba iliyonse, thiransifoma yomweyo imasenza katundu woposa msinkhu wake. Imatentha, mapepala okuta mawaya ake amapsa pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina imaphulika. Akuba akakhetsa mafuta ake imfayo imabwera msanga, chifukwa chimene chimaiziziritsa chachoka. Mukaona mafuta akudontha pansi pake, kapena ikulira mokweza kuposa kale, musadikire.

Furiji ndiyo ikundidetsa nkhawa kuposa mababu. Injini yake ikalandira mavoliti ochepa imalephera kudzuka bwino, ndipo ikamalimbana choncho imakoka maampu ambiri n'kumatentha. Kung'ung'udza kotsatiridwa ndi kaphokoso koti "tha" ndi chitetezo chake chikuizimitsa, ndipo zikamachitika usiku ndi usiku injiniyo imapsa. Gulani kachipangizo koteteza furiji kamene kamadula magetsi akatsika kapena kukwera mopitirira, n'kudikira mphindi zingapo kasanayatsenso. Pakadali pano, magetsi akafooka izuleni pa soketi, osatsegulatsegula chitseko. Imasunga kuzizira kwa maola angapo.

Musanakadandaule, tsimikizani kuti vuto silili m'nyumba mwanu. Funsani anansi a mzere wanu ngati kwawonso kumafiira pa ola lomwelo. Ngati ndi nonse, vuto lili pa mapolo. Ngati ndi inu nokha, makamaka mababu akamaphethira mukangoyatsa mbaula, kapena soketi ikutentha n'kumanunkha pulasitiki, pali waya womasuka penapake pakati pa polo, mita ndi bokosi la mabuleka. Itanani mmisiri wovomerezeka ayeze mavoliti pa bokosilo masana, ndiponso cha m'ma 6 koloko madzulo, kawiri: zipangizo zonse zili chozimitsa, kenako mbaula ili choyaka. Akapeza ochepa ngakhale inu simukukoka kanthu, mavolitiwo akutayikira kunja. Lembani manambala ndi maola kwa masiku atatu, mupite nawo ku ofesi ya ESCOM pamodzi ndi nambala ya mita, bwinonso mutatsagana ndi anansi. Kuchokera pa polo kufika pa mita ndi gawo lawo. Kuchokera pa mita kulowa m'nyumba ndi lanu.

Pali zizindikiro ziwiri zimene musazisokoneze ndi kufooka kwa madzuloku. Choyamba: magetsi athima kwanu ndi nyumba zina zodumphadumpha, enawo ali nawo. Kawirikawiri ndi fyuzi ya fezi yanu imene yapsa. Ikapsa imodzi mwa zitatu za pamwamba, za mbali ya 11,000, mumaiona ikulendewera, ndipo nyumba zambiri zimalandira pafupifupi theka la mavoliti, masana ndi usiku womwe. Musalole wina aliyense kukwera kukamangapo waya. Fyuziyo imafa kuti thiransifoma ipulumuke.

Chachiwiri n'choopsa: mababu ena, kwanu kapena kwa anansi, akuwala mopitirira muyeso pomwe kwa ena akufiira, ndipo kuwalako kukusintha wina akayatsa chipangizo. Pamenepo nyutulo yaduka, yamasuka kapena yabedwa. Popanda nyutulo, nyumba za pa mafezi awiri zimagawana mavoliti 400 mosalingana, ndipo nyumba imene ikukoka pang'ono ndi imene imalandira ochuluka. Mawailesi a kanema ndi machaja zimapsa m'kanthawi kochepa, mwinanso moto n'kubuka. Mukaona zotere, thamangani mukatsitse buleka yaikulu, muchenjeze anansi, muimbire a ESCOM, ndipo musaikwezenso mpaka atakonza.