Mukachedwa kuntchito, auzeni akapitawo nthawi imene mufike

Abale anga amene mwangoyamba ntchito kunja kuno, pali uthenga wina umene ambiri timatumiza tikachedwa: "Pepani bwana, ndapeza kavuto pang'ono, ndichedwa." Nthawi zambiri wolembayo sakunama. Mwina akuopa kulakwitsa chilankhulo cha eni dziko, mwina akuona ngati kufotokoza n'kuwatopetsa abwana. Koma zimandipweteka kuona munthu wakhama akuyamba kukayikiridwa chifukwa cha mawu ochepawa.

Tayerekezani kuti kapitawo ndinu. Shifiti ikuyamba 7 koloko, munthu mmodzi palibe, ndipo muyenera kusankha msanga: mudikire, muuze wa usiku atsalire, kapena muitane wina amene ali pa tchuthi. Mawu oti "ndichedwa" sakukuthandizani kusankha, pakuti akhoza kutanthauza mphindi 10 kapena maola atatu. Chinanso, "kavuto" ndi mawu omwewo amene amanena munthu amene wagonereza kapena wapita kukafunsira ntchito kwina. Mulibe chilichonse chimene kapitawo angachitsimikize. Inuyo ndinu watsopano, sakudziwani, ndiye pamene simunanenepo amadzazapo yekha ndi zimene ena anamuchitapo kale.

Tinene kuti basi yanu yafera panjira nthawi ili 6:25. Musadikire kuti 7 koloko ikwane. Pomwepo lembani kuti: "Mwadzuka bwanji bwana. Basi yomwe ndinakwera yafera panjira, ndikudikira ina. Ndifika cha m'ma 7:45. Zikasintha ndikuuzani pofika 7:15. Ngati n'kotheka, mphindi zimenezi ndibweza madzulo." Muona kuti mwanena chimene chachitika, nthawi yofikira, nthawi imene mulankhulenso, ndi mmene mukonzere. Kapitawo akhoza kupempha wa usiku kuti apirire mphindi 45 basi, nkhani n'kutha.

Pa zonsezi chachikulu ndi nthawi yofikirayo, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Chifukwa cha mantha munthu amatchula nthawi yosangalatsa abwana, amati 7:15 akudziwa kuti sangakwanitse. Akafika 7:45 ndiye kuti wachedwa kawiri, poyamba pa shifiti, kachiwiri pa mawu ake. Tchulani nthawi imene mukudziwa kuti muikwanitsa ngakhale msewu utadzaza. Mukanena 7:45 n'kufika 7:40, kapitawo waona ndi maso ake kuti zimene munanena zachitikadi. Zikabwerezeka kangapo amasiya kukufunsani mafunso, ndipo tsiku limene mudzapemphe chinthu chachikulu, monga kuchoka mwadzidzidzi chifukwa cha maliro, sadzayamba ndi kukayika.

Kunena mwachindunji sikutanthauza kuulula za m'nyumba mwanu. Mukadwala ndi zokwanira kunena kuti: "Ndadwala, lero sindibwera. Ndikaonana ndi dokotala masana, ndipo pofika 4 koloko ndikuuzani ngati mawa ndibwere." Dzina la matenda simunatchule, koma abwana adziwa zonse zokhudza ntchito yawo. Za kalata ya dokotala, ndi zoti muziimba foni kapena kulemba uthenga, zimasiyana malinga ndi dziko komanso kampani, choncho werengani kontirakiti yanu kapena funsani sabata yoyamba, vuto lisanagwe.

Musatalikitsenso. Uthenga wodzaza ndi mayina a misewu, za woyendetsa basi ndi kulumbira kuti Mulungu ndi mboni umamveka ngati wochita kukonza. Ziganizo zitatu kapena zinayi zakwana. Ngakhale chilankhulo chikhale chothyokathyoka, manambala a nthawi amamveka kwa aliyense.

Nanga ngati wolakwa ndinu, mwagonereza? Nenani zomwezo: "Ndadzuka mochedwa, kulakwa n'kwanga, ndifika 7:50." Zimachititsa manyazi, ndipo mwina akuchenjezani. Koma bodza lokhala ndi tsatanetsatane ndi loopsa kuposa mawu ozungulira aja, chifukwa limatheka kulifufuza. Mukanamizira basi, wantchito mnzanu amene anakwera basi yomweyo akhala atafika kale. Malo ambiri a ntchito amasunganso nthawi imene aliyense walowa ndi kutuluka, moti ngati "kavuto" kanu kamakonda kugwa Lolemba kapena m'mawa wotsatira tsiku la malipiro, zimaoneka poyera. Kuchedwa kumodzi mabwana ambiri amakhululuka, pamene kugwidwa bodza kumachititsa kuti akayikirenso zifukwa zanu zakale zimene zinali zoona.

Mukafika, pitani kaye kwa kapitawo mumuuze kuti mwafika, musalowe mozemba. Ndipo ngati munalonjeza kubweza mphindi zija madzulo, mufunseni ngati wavomera, chifukwa malo ena salola munthu kupitirira nthawi yake popanda chilolezo.