Kugawana ndalama za banki mkhonde wina asanamalize ngongole

"Azakhali, ku banki mkhonde yathu andipatsa ulembi pakati pa chaka, mlembi wakale atasamuka. Tikugawana pa 14 Disembala, koma mayi mmodzi akadali ndi ngongole ya K90,000. Ndiwerengetse bwanji kuti pasabuke mkangano?"

Eya mwanangu, ndamva. Tenga cholembera ndi pepala, chifukwa ndikhala ndikutchula manambala.

Za mayi wa ngongoleyo ziyambe zadikira. Choyamba dziwa kuti gulu lonse lili ndi masheya angati, ndipo nambala imeneyi usaitenge m'kaundula mokha ayi. Kutatsala sabata ziwiri, uwauze anthu abwere ndi mapasibuku awo. Uwerenge zidindo m'buku la munthu aliyense, chidindo chimodzi sheya imodzi, mwiniwake akuona, kenaka ufananize ndi zomwe zili m'kaundula. Poti bukulo lagwiridwa ndi manja awiri chaka chino, usadabwe kupeza kuti penapake sizikugwirizana. Kawirikawiri zimakhala kuti munthu anatumiza ndalama pa foni tsiku lomwe sanabwere, mlembi n'kulemba m'kaundula koma osadinda m'pasibuku. Kapena wina anachotsa masheya pakati pa chaka atagwa m'mavuto, m'pasibuku anakhwatcha koma m'kaundula anaiwala. Zoterezi zithe tsiku logawana lisanafike. Ndalama zikakhala kale pa mphasa, palibe amene amavomera kuti amuchotsere ngakhale sheya imodzi.

Tsono tiyerekeze. Muli anthu 20, sheya ndi K1,000, ndipo mutawerenga zidindo zonse mwapeza masheya 3,000. Ndiye kuti zomwe anthu anasonkha ndi K3,000,000. Tsiku logawana, owerenga ndalama atsegula bokosi pamaso pa onse, awerenga mokweza, apeza K4,110,000. Mmenemo muli zosonkha zija, chiwongoladzanja ndi zindapusa za ochedwa ndi ojomba. Ndalama za thumba la zadzidzidzi, zija za maliro ndi matenda, zisalowemo. Zimenezo zili ndi kathumba kake ndi tsamba lake, ndipo magulu ambiri amazisiya kuti ziyambire chaka chinacho.

Pakanapanda ngongole, ntchito ikanangokhala imodzi: ndalama zonse kuzigawa ndi masheya onse, upeze mtengo watsopano wa sheya imodzi, kenaka aliyense umuchulukitsire ndi masheya ake. Phindu siligawidwa mofanana pa mutu uliwonse. Amene ankagula masheya asanu sabata iliyonse sangalandire phindu lofanana ndi amene ankagula imodzi.

Apa ndiye pabwera mayi uja. Tinene kuti iyeyo ali ndi masheya 100. Pali njira ziwiri zomwe magulu amatsata, ndipo zimasiyana kwambiri, ndiye umvetsetse.

Njira yoyamba, ngongole ija mumaiwerenga ngati ndalama ya gulu yomwe ili m'manja mwa munthu. K4,110,000 kuphatikiza K90,000, zikukwana K4,200,000. Kugawa ndi masheya 3,000, sheya imodzi yafika pa K1,400. Wa masheya 200 atenga K280,000. Mayi uja masheya ake 100 akumupatsa K140,000, muchotsepo K90,000 yomwe anadyeratu, apita kwawo ndi K50,000. Ukaphatikiza zonse zomwe anthu alandira, zikwana ndendende K4,110,000 yomwe ili pa mphasa.

Njira yachiwiri ndi yowawa. Ngongole ija mumaibweza pofafaniza masheya ake pa mtengo womwe anagulira. K90,000 ndi masheya 90, ndiye atsala ndi 10 okha. Masheya a gulu atsika kufika pa 2,910. Mugawe K4,110,000 ndi 2,910, sheya ikhala pa K1,412 ndi timatambala pamwamba. Mayiyo atenga K14,120 basi, pomwe wa masheya 200 uja atenga K282,400. Waona? Munthu yemweyo, ngongole yomweyo, koma kwina K50,000 kwina K14,120. Kusiyanako n'chifukwa chakuti pa njira yachiwiriyi masheya 90 aja sadya nawo phindu.

Yolondola ndi iti? Ndi imene ili m'malamulo a gulu lanu, aja munasainirana poyamba chaka. Kawafufuze, nthawi zambiri amakhala m'bokosi momwemo kapena kwa wapampando. Ngati sakunenapo kanthu, usasankhe wekha, iwe ndiwe mlembi chabe. Nkhaniyi ipite ku gulu sabata ino, anthu akweze manja, ulembe chomwe agwirizana, asaine. Ukandifunsa ine, ngati mayiyo wakhala akupereka chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi, njira yoyamba ndiyo yachilungamo, pakuti phindu lomwe mukugawanalo nayenso walikhetsera thukuta. Yachiwiri imayenera munthu amene anangotenga ndalama n'kuzimirira.

Koma K90,000 imeneyo, waitsimikiza? Apa ndi pomwe alembi ambiri amapunthwa. Titenge munthu amene wakongola K50,000 pa chiwongoladzanja cha K20 pa K100 iliyonse pa mwezi. Mwezi ukatha ayenera kubweza K60,000. Wabwera ndi K30,000 yokha, yatsala K30,000. Mwezi wachiwiri chiwongoladzanja muchiwerengera pati? Mukawerengera pa yotsalayo ndi K6,000, ngongole yake ikhala K36,000. Mukawerengera pa K50,000 yomwe anatenga poyamba ndi K10,000, ikhala K40,000. Magulu ena amachita uku, ena uku. Choopsa n'chakuti mlembi wakale ankatsata njira ina, iwe n'kubwera ndi inzake, ngongole imodzi n'kukhala ndi masamu awiri. Ndiye tsegula tsamba la mayiyo, uyambire tsiku lomwe anatenga ndalama, utsike mzere ndi mzere: anatenga zingati, chiwongoladzanja cha mwezi umenewo, anabweza zingati, zatsala zingati, siginecha yake kapena chala. Mzere wopanda siginecha ndi umene adzaukane. Muwerengere limodzi ndi iyeyo komanso msungichuma, avomereze nambala yake anthu asanasonkhane.

China, onanso ngati ndalama za m'bokosi zikugwirizana ndi buku. Msonkhano uliwonse umayenera kutsekedwa motere: zomwe zinatsala sabata yatha, kuphatikiza masheya a lero, zobweza ngongole ndi zindapusa, kuchotsa ngongole zomwe zatuluka lero, yankho lake likhale ndalama zomwe zikubwerera m'bokosi. Ngati pa mapeto pakusowa, tinene K15,000, usayambe kuloza anthu chala. Bwerera m'mbuyo sabata ndi sabata mpaka upeze tsiku lomwe nambala yotsekera ikusiyana ndi yotsegulira ya sabata yotsatira. Nthawi zambiri upeza ngongole yomwe inaperekedwa kunyumba kwa msungichuma osati pa msonkhano, kapena ndalama zomwe zikadali mu foni ya munthu. Za mu fonizo zitapidwe liwiro, ndipo ndalama yomwe amadula potapa ilembedwe ngati yotuluka, apo ayi idzaoneka ngati yabedwa.

Pa tsikulo, bwera ndi pepala lomwe walemba kale dzina la aliyense ndi masheya ake, danga la ndalama ulisiye lopanda kanthu mpaka bokosi litawerengedwa. Mtengo wa sheya ukatuluka ndi zotsalira, uzitsitsa, osakweza. K1,412 ikhale K1,410, chifukwa ukakweza womaliza pa mzere apeza ndalama zatha. Ndalama zotsalazo gulu linene chochita nazo. Ndalama za aliyense ziikidwe m'pasibuku mwake, mabuku onse 20 ayalidwe pa mphasa, ndipo wina asanyamule lake mpaka lomaliza litakwana. Mukaona kuti zaperewera, mukonza zonse zikadali pamalo amodzi. Msungichuma umuuze apeze ma K50, ma K100 ndi ma K200 ambiri dzulo lake, chifukwa chenje chimavuta tsiku limenelo.

Unditumizire chithunzi cha tsamba la mayiyo madzulo ano, dzina ulibise ndi chala, tiwerengere limodzi.