Nambala ya foni: INT kapena VARCHAR?

"Akuluakulu, ndikupanga tebulo la makasitomala mu MySQL. Nambala ya foni ndi manambala okhaokha, nanga bwanji aliyense akuti ndiike VARCHAR osati INT?"

Achimwene, dzifunseni kaye: kodi lidzafika tsiku loti muphatikize nambala za foni ziwiri, kapena kugawa imodzi pakati? Ayi. Nambala ya foni ndi dzina chabe, kungoti limalembedwa ndi manambala. INT ndi ya zinthu zowerengera, ndipo malamulo ake ndi a masamu.

Pa masamu ziro wakumayambiriro alibe ntchito: 07 ndi 7 n'chimodzimodzi. Tiyese ndi 020 7946 0018, imodzi mwa nambala za ku London zomwe anazipatula kuti zizigwiritsidwa ntchito m'masewero. Mukaiika mu INT popanda mipata ituluka 2079460018. Ziro wapita mwakachetechete, popanda uthenga uliwonse wa vuto. Choipa kwambiri, tsopano ikuoneka ngati nambala ya ku America, chifukwa 207 ndi khodi ya dera la Maine.

Mwina munena kuti basi muilemba ndi khodi ya dziko, +442079460018. Chizindikiro cha + chisowa, komanso mugunda khoma lina. INT wamba amathera pa 2,147,483,647, pomwe nambalayi ili ndi madijiti 12. MySQL ikakhala pa strict mode ikana, n'kulemba kuti "Out of range value". Ikapanda kukhala pamenepo imangopereka chenjezo n'kusunga 2147483647 m'malo mwake. Ndinalandirapo tebulo lotero: makasitomala ambirimbiri onse nambala imodzimodzi, zenizenizo zinatayika kalekale. Mukadzaona 2147483647 ikubwerezabwereza mu kolamu ya mafoni, dziwani kuti matenda ake ndi amenewa.

Ena akuuzani kuti BIGINT ithetsa nkhani. Malo okha ikupatsani, koma ziro uja sabwerera. Ndipo musadalire zoti mudzingomuwonjezera pa nambala iliyonse poionetsa, mayiko sachita zofanana. Ku Britain ziro amachoka mukaika +44, pomwe ku Italy mafoni a m'nyumba amakhala naye ngakhale pambuyo pa +39: nambala ya ku Rome imayamba ndi +39 06. N'chifukwa chake libphonenumber, laibulale ya Google yokonzera nambala za foni, yomwe mkati mwake imasunga nambala ngati ya masamu, inachita kuika chizindikiro chapadera, `italian_leading_zero`, chongokumbukira ziro ameneyu.

Ine ndimasunga motsatira E.164, muyezo wa mayiko onse wolembera nambala za foni: + patsogolo, khodi ya dziko, kenako nambala, popanda mipata. Muyezowu sulola madijiti oposa 15, ndiye malo 16 akukwana.

```sql
phone VARCHAR(16) NOT NULL
```

Koma samalani, VARCHAR imameza chilichonse. "020 7946 0018" ndi "+442079460018" kwa iyo ndi anthu awiri osiyana, ngakhale mutaika UNIQUE. Choncho muziyamba mwaikonza nambala kuti ikhale m'kalembedwe kamodzi musanaisunge. Ikatero, kupeza nambala zonse za khodi imodzi ya dziko n'kosavuta: `WHERE phone LIKE '+44%'`.